Kabulashi ka a Nyendwa ndi Dazi la Febian

Dzina langa ndine Gideon Nyendwa, ndipo m'zaka zija za Chitaganya, kuchokela pa boma la Petauke mpaka kukafika ku Nyimba, panalibe wojambula zithunzi wondiposa. Sindikudzitama iyayi, kafunseni. Munthu amabwela kwa ine nkhope ili ngati wadya ndimu, koma pachithunzi amatuluka woti n'kufunsilidwa tsiku lomwelo.

Chinsinsi changa chinali kabulashi kakang'ono ndi kabotolo ka inki yakuda. Ndikatsuka chithunzi, chikauma, ndimakhala pazenela n'kuyamba kukonza. Kansalu kothimbilila ndimakadetsa bwino, nsidze zopelewela ndimaziwonjezela. Koma ntchito yaikulu inali ya tsitsi la amuna. Ha, amuna ndi dazi! Akalaliki, aphunzitsi, amesenjala, onse amandikokela pambali n'kunong'ona kuti, “A Nyendwa, pamwambapa muonepo.” Ine ndimaonapo ndithu. Kabulashi kamagwila papepala pokha. Manegetivu, timapepala takuda toonekela tija timene chithunzi chimachokelapo, sindimawakhudza, ndimangowasunga m'chitini cha mabisiketi, lililonse ndi dzina ndi chaka chake.

Mmodzi wa anthu anga a chaka ndi chaka anali Febian Daka, kalaliki wa pa sitolo ina ku Nyimba. Febian analeledwa ndi amalume ake, a Josiah, amene anapita kukagwila ntchito ku migodi ya malasha ku Wanki ndipo anatha zaka zambili osaponda kwawo. Ndiye Disembala aliyense Febian amavala jekete, n'kukhala pampando wanga kuseli kwa sitolo, n'kujambulitsa chithunzi chotumiza kwa amalume pa Khilisimasi. Anayamba mu 1954, ali ndi zaka makumi awili ndi zinayi, tsitsi lili khathikhathi. Pofika 1956 nayenso anayamba kundikokela pambali.

Tsiku lina Loweluka, mwezi wa Epulo 1961, ndili kuimika kamela kuseli kwa sitolo, ndinangoona mkazi wa Febian wafika, mwana kumsana. Jennipher anali wa ku Katete, mkazi wosayankhulayankhula, wa maso olunjika. Anagwada pang'ono, nandipatsa moni, kenaka anangolasa.

“A Nyendwa, zakuda zija mumasunga?”

“Manegetivu? Ndimasunga, amake Sophia. Kwagwanji?”

“Akundipitikitsa. Sabata la mawa akuti ndikwele lole ya ku Katete.”

Nkhani yake inali iyi. A Josiah anali atabwelako ku Wanki, atapuma ntchito, zithunzi zisanu ndi ziwili za mphwawo zili m'chikwama. Chomaliza chinali cha Disembala wapitayo, tsitsi lili lodzaza mpaka pamphumi. Atatsika basi anapeza munthu wa dazi akuwalandila katundu, mpaka anamufunsa kuti Febian ali kuti. Madzulo ake anaonanso kuseli kwa khutu la Febian kachigamba kozungulila, kosalala, kukula kwake ngati sheleni. Basi, mkuluyo anamanga mfundo: tsitsi silitha miyezi inayi popanda dzanja la munthu. Ndipo munthu amene amameta Febian, kumuphikila ndi kumugulila mafuta a kumutu anali mmodzi yekha, mkazi wochokela kutali uja.

“Simunawauze za kabulashi?” ndinafunsa.

“Ndinawauza. Akuti chithunzi sichinama.”

“Nanga a Daka?”

“Atate ake Sophia angoti chete. Akafunsidwa akuti naonso sadziwa.”

Mtima wanga unapsa, koma mantha nawo anandigwila, ndisabise. Ndikaulula za Febian ndiye kuti ndaulula za amuna onse a m'mbali mwa msewu uno. Ndani adzakhalenso pampando wanga podziwa kuti Gideon ali ndi pakamwa? Ndinamuuza Jennipher kuti ndiyambe ndaonana ndi mwamuna wake.

Febian ndinamupeza m'sitolo akupima mchele. Atandiona anayamba kupukuta sikelo yoyela kale.

“A Daka, nkhani ya kunyumba kwanu ndaimva. Bwanji osangowauza amalume anu kuti tsitsi lija linali la Gideon?”

“Aa, a Nyendwa, inu simuwadziwa amalume. Zaka zisanu ndakhala ndikuwatumizila bodza, lelo ndiyambile pati? Akwiya masiku ochepa, ziziziladi zokha.”

“Zizizila mkazi wanu ali ku Katete, dzina la ufiti lili pamutu?”

“Ndidzamutsatila zikadzatha.” Kenaka anatsitsa mau. “Komanso kachigamba aka nanenso kakundiopsa. Kamene aka si inu munakabisa.”

Pamenepo ananena zoona. Ndinamupempha atembenuke, ndinakayang'ana. Mu Disembala panalibe. Koma chinandinyansa n'choti mwamuna wamkulu ndevu pepeya anali wokonzeka kupeleka mkazi wake kuti asavulidwe manyazi. Ndinatuluka osatsazika.

Lolemba ndinadzitsekela m'kachipinda kanga kamdima ku Petauke, ndinatsegula chitini, ndinatsuka zithunzi zonse zisanu ndi ziwili mwatsopano. Kabulashi sindinakakhudze. Ndinapezanso china cha 1958, cha paukwati wina, chimene ndinajambula nditakwela pathebulo kuti anthu onse akwane. Febian anali kutsogolo, atawelama kukonza nsapato, mutu wonse uli poyela. Lachinayi ndinakwela lole kubwelela ku Nyimba.

A Josiah ndinawapeza pakhonde la nyumba ya Febian, atavala chipewa cha ku Wanki, ndodo pamiyendo. Munthu wamkulu thupi, wa mau a bata. Sanali woipa mtima, anali munthu woti mwana amene analela yekha akumuona ngati akuphedwa pang'onopang'ono. Febian anaitanidwa kuchokela ku sitolo, Jennipher anakhala pamphasa chapatali. Anansi awili atatu anayamba kusesa mabwalo osesasesa kale.

“Bambo,” ndinatelo, “tulutsani zithunzi zanu, tiyale pamphasa. Inu zanu pamwamba, ine zanga pansi pake, chaka ndi chaka.”

Anatulutsa mokayika, tinayala. Jekete yomweyo, mpando womwewo, khoma lomwelo. Mitu yokha ndiyo inasiyana.

“Choyamba mudziwe ichi,” ndinapitiliza. “Kuyelekeza mitu pazithunzi kumafuna kuti kajambulidwe kakhale kamodzi. Dzuwa la masana limawalitsa chikopa, munthu wa tsitsi n'kuoneka wa dazi. Tsitsi lonyowa kapena lopaka mafuta ambili limagwilana, n'kuoneka lochepa. Koma izi zonse ndinajambula malo amodzi, m'mawa, mumthunzi, kamela ili pa msinkhu umodzi. Zimene muone apa si za dzuwa.”

Ndinaloza cha 1954. “Apa mzele wa tsitsi uli wowongoka pamphumi, zanu ndi zanga zikufanana. Cha 1955 yang'anitsitsani m'makona, pamwamba pa nsidze: layamba kulowa mkati, pang'ono kwambili, mwini wake sakanadziwa. Cha 1956 makona aja akula, mzele wapindika ngati lemba M. Apa mpamene ine ndinayambila kupenta. Onani chanu, makona atsekedwa.”

A Josiah ananyamula ziwilizo, nazibweletsa pafupi ndi maso. 

“Cha 1957 makona alowanso, ndipo tsitsi la kutsogolo silinathothoke lonse iyayi, langoyamba kuonda, lasanduka lofewa, lalifupi, chikopa chikuonekela pansi. Dazi limabwela motelo, tsitsi limayamba laonda lisanachoke. Tsono ichi cha paukwati, 1958, taonani pamwamba chakumbuyo. Kabwalo kayamba. Pamenepo munthu sadziona pagalasi, amaona ndi amene amam'meta.”

“Ndinaona,” anatelo Jennipher ali pamphasa yake. “Ndinawauza chaka chomwecho.”

“Cha 1959 kutsogolo kwatsala kachisumbu, ndipo cha 1960 mzele wa tsitsi umene umalekanitsa dazi la kutsogolo ndi la pamwamba wayamba kuduka. Koma m'mbali ndi kunkhongo, onani, tsitsi lili momwe linalili. Mankhwala anji, bambo, oyenda pang'onopang'ono zaka zisanu ndi chimodzi, mbali zonse ziwili mofanana, n'kusiya m'mbali ndi kunkhongo? Komanso layamba mu 1955, amake Sophia anakwatiwa mu 1957.”

Mkuluyo analavulila pachala, nafikisa pamphumi pa chithunzi chake cha 1960. Chala chinabwelako chakuda.

“Febian,” anatelo, osakweza mau. “Ichi n'chiyani?”

Febian anangoyang'ana pansi ngati wataya singano. Anansi aja anali atasiya kusesa.

Ine ndinkati nkhani yatha, ndinayamba kusonkhanitsa zithunzi monyada. Koma a Josiah sanali munthu wogonja msanga. Anaimilila, anagwila Febian mutu ngati wa kamwana, naupotoloza.

“Dazi ndamva. Nanga aka? Akanso ndi ka zaka zisanu ndi chimodzi? Kodi kwanu ku Petauke dazi limayambila kuseli kwa khutu, lozungulila ngati wachita kulemba? Kwathu timadziwa amene amameta anthu motele.”

“Ako sindikadziwa,” ndinavomela. “Ndajambula mitu zaka khumi ndi ziwili, ndipo dazi wamba ndimalidziwa likadali kutali, silifuna chipatala. Koma aka kabwela mwadzidzidzi, pamalo pamene dazi silifika. Pamenepo inu mwalondola, bambo, tsitsi likachoka mofulumila chotele pamafunika kufunsa. Koma wofunsidwa si amake Sophia. Tipite kuchipatala ku boma, akaone chikopacho.”

A Josiah anagogoda ndodo pansi. “Chabwino. Mailo kukacha tonse tikwela lole. Mkaziyu atenge katundu wake ndi mwana. Achipatala akakalephela kukatchula, iye akapitilila konko ku Katete, njila ndi imodzi.”

Jennipher anangoti, “Ndamva, apongozi.”

M'mawa mwake tinakwela pamwamba pa matumba a nshawa, fumbi lili kobo. Ku chipatala kunali mnzanga wa pa bawo, a Benson Mvula. Sanali dokotala weniweni, anali wothandiza madokotala, koma anthu tonse timangoti adokotala, ndipo pa zachikopa anali katswili. Anatilowetsa tonse, nakhazika Febian pafupi ndi zenela.

Anayamba ndi zithunzi zanga. Anaziyala pathebulo, anayang'ana kamodzi, naseka. “Ili ndi dazi la amuna. Likadakhala ili lokha ndikadakubwezani, mwangotaya ulendo. Palibe jekiseni kapena mafuta amene ndili nawo oti alibweze, komanso silipha munthu.” Kenaka anatembenukila kwa a Josiah. “Bambo, m'chipinda muno timavula zipewa.”

A Josiah anazengeleza, koma anavula. Mayo ine! Mutu unali pee, kuwala ngati mphika wotsukidwa ndi mchenga, tsitsi lili m'mbali mokha. Ndinaluma lilime kuti ndisaseke.

“Ehe,” anatelo a Mvula. “Limayenda m'magazi, kuchimuna kapena kuchikazi. Inu anakudyetsani ndani?”

“Ndi chisoti cha kumgodi,” anang'ung'udza a Josiah.

“Chisoti sichidya tsitsi, bambo. Koma tiyeni ku kachigamba, chifukwa aka ndiye mwachita bwino kubwela nako.”

Anasamba m'manja, anatenga galasi lokuza zinthu, nayamba kufunsa. Kanayamba liti? Febian anati mwezi wa Febuluwale. Kamayabwa? Iyayi. Kamapweteka kapena kutentha? Iyayi. Anadwalapo malungo aakulu miyezi iwili itatu yapitayo? Iyayi. Anapalasa pang'ono ndi m'mphepete mwa kagalasi kuona ngati pali mfundu kapena nkhanambo, panalibe. Anakoka tsitsi la m'mbali mwa kachigambako pang'onopang'ono, linazuka limodzi liwili. Anamuuza atsinzine, namukhudza ndi thonje pakachigamba, pamphumi, pamikono, Febian amaloza paliponse pamene wakhudzidwa. Anayang'ana nsidze, ndevu, zikhadabo, m'manja, anamuvula malaya kuona ngati pathupi pali mawanga.

“Ndikuuzeni chimene ndimafuna,” anatelo. “Pakadakhala mfundu, tsitsi loduka ndi kuyabwa, ndikadati chipele, ndipo masiku ano kuli mapilitsi ake. Pakadakhala mafinya, ululu, kapena chikopa chonyezimila chopanda timabowo ta tsitsi, ndikadachita changu, chifukwa pamene pachita chipsela tsitsi silimelanso. Akadapanda kumva thonje, kapena nsidze zikadathothoka, tikadaganizila khate. Zigamba zambilimbili ngati zadyedwa ndi njenjete, tikadaganizila chindoko, ndipo magazi nditengabe kuti mitima ikhale pansi. Lothothoka mutu wonse nthawi imodzi limatsatila matenda aakulu, uchembele kapena kuchepa magazi. Zonsezo n'zoyenela kubwela nazo msanga. Koma apa chikopa n'chosalala, timabowo tonse tilipo. Nthenda iyi timaidziwa, ili m'mabuku. Kawilikawili tsitsi limamela lokha pakapita miyezi, nthawi zina limayamba loyela. Mudzabwelenso pakatha miyezi iwili, kapena msanga kakayamba kukula kapena kubala tinzake.”

“Chimayambitsa n'chiyani?” anafunsa a Josiah.

“Chenicheni sichidziwika bwino.”

“Mwamva!” A Josiah anatembenukila kwa ine. “Sadziwa.”

Apa ndinati mkazi uja wapita. Koma a Mvula sanatekeseke.

“Bambo, kusadziwa gwelo si kusadziwa nthenda. Chaka chatha ndinaona kotele pamutu pa mwana wa zaka zisanu ndi ziwili. Ndinakaona pandevu za wansembe wachizungu, munthu wopanda mkazi. Sikachokela m'chakudya, sikachokela m'mafuta, sikapatsilana. Mukafuna kuchotsa mkaziyu m'nyumba, funani chifukwa china, pamutu apa palibe.”

 A Josiah anayang'ana chipewa chawo nthawi yaitali, kenaka anachita chimene sindinayembekezele kwa munthu wamkulu ngati uja. Anatembenukila kwa Jennipher, nawomba m'manja katatu.

“Apongozi, ndakulakwilani. Ndinakhulupilila pepala. Tibwelele kunyumba, ndipo mau amene ndinanena pakhonde ndikawabweza pakhonde pomwepo, anthu akumva.”

Febian mtima unakhala pansi, mpaka anamwetulila. Titatuluka panja ananyamula sutikesi ya mkazi wake kuti tilowele kumene kumaima malole a ku Nyimba. Jennipher anaigwila chogwilila.

“Siyani, atate ake Sophia. Ine ndikupita uku.”

“Kuti? Sunamve? Nkhani yatha.”

“Ya amalume yatha. Iwo sanadziwe, anaona zithunzi, anachita mantha chifukwa amakukondani. Ndawakhululukila. Koma inu mumadziwa. Masabata atatu ndakhala ndikutchedwa mfiti pakhomo panga, kuchitsime akazi anzanga akubisa ana awo ndikafika, inu muli pomwepo, mau amodzi okha akukukanikani. Munayeza tsitsi lanu ndi ine, lolemela linali tsitsi.”

“Ndinachita manyazi, Jennipher.”

“Ndikudziwa. Nanenso ndinachita.”

A Josiah anayesa kupepesa m'malo mwa Febian, ine ndinaikapo mau anga, ndipo pakamwa panga si pochepa. Jennipher anatimvela mwaulemu mpaka tinamaliza. Kenaka anamanga mwana bwinobwino kumsana, anasenza sutikesi.

“A Nyendwa, zikomo. Kwathu ndikafika ngati munthu, osati ngati mfiti. Mukauze a ku Nyimba kuti sanandipitikitse, ndapita ndekha.”

Basi ya ku Katete inafika dzuwa litapendeka, ndipo anakwela osacheuka.

Ine amuna a dazi anandinyanyala ndithu, ena mpaka amaoloka msewu akandiona, koma pofika Disembala anayamba kubwela mmodzimmodzi, pakuti wojambula wina analibe. Zimenezo sizinandisowetse tulo. Chimandiwawa mpaka lelo n'choti dzanja limene linapenta makona aja linali langa, ndipo ndimapenta ndikuimba mluzu.

Magazi a Febian anapezeka abwino. Kachigamba kaja kanamela tsitsi mvula isanagwe, monga ananenela a Mvula. Ku Katete Febian anapitako katatu, kawili ndi a Josiah, kachitatu yekha. Amamulandila bwino, amamuonetsa Sophia, amamupelekeza mpaka pamsewu. Jennipher sanabwelele.